Kasitomala Akati "Mwadulitsa": Kufotokoza Mtengo wa Chitseko Osautsitsa

Mmisiri aliyense wa matabwa amawadziwa mawu awa: "Iii, bambo, mwadulitsatu! Pamsewu paja chitseko ngati chomwechi ndachiona cha K120,000." Munthuyo waima pakhomo la shedi yanu, dzanja lili pachitseko cha mlombwa chimene mwachitchula K210,000, ndipo akudikira kuti muyankhe. Ambiri a ife timagwa pamenepa. Ena amapsa mtima n'kunena kuti "ndiye kaguleni komweko." Ena amachita mantha kuti kasitomala athawa, n'kuchotsa K50,000 munthu asanapemphe n'komwe. Woyambayo wataya kasitomala. Wachiwiriyo wataya ndalama ya thukuta lake, ndipo waonjezerapo vuto lina, chifukwa kasitomala uja waphunzira kuti mtengo woyamba unali wabodza.

Ndilongosola momwe ndimayendetsera nkhani imeneyi, ndipo chitsanzo changa chikhala chitseko chimodzi chapanja. Manambala ndawaika kuti masamu aoneke. Mitengo ya zipangizo ikusintha mwezi ndi mwezi, choncho inu muikemo yanu ya lero.

Choyamba chimachitika kasitomala asanabwere: muudziwe mtengo wanu mpaka pansi pake. Simungafotokoze modekha nambala imene inu mwini munangoilota. Tengani kope, mulembe chilichonse chimene chalowa m'chitsekocho. Pachitseko chathu, matabwa a mlombwa ouma adya K90,000. Kukawapala ndi kuwadula kumakina K12,000. Guluu, sandipepa ndi vanishi K23,000. Kunyamula matabwa kuchokera kumsika kupita kumakina, kenako kubwera nawo kushedi, K8,000. Ntchito ya manja, masiku atatu, K45,000. Gawo la lendi ya shedi ndi kutha kwa zida, monga kunola sowo ndi mpeni wa puleni, K12,000. Zonsezi pamodzi ndi K190,000. Phindu ndi K20,000, ndipo mtengo ukufika pa K210,000.

Taonani zimene zimachitika munthu akati "ndili ndi K150,000 basi" inu n'kuvomera. K60,000 imene mwachotsayo sichoka pamatabwa, chifukwa wogulitsa matabwa munamulipira kale. Sichoka pavanishi. Imadya phindu lonse la K20,000, imadya K12,000 ya lendi ndi zida, ndipo K28,000 yotsalayo imachoka pamalipiro anu. Mwagwira ntchito masiku atatu kuti mulandire K17,000, lendi ili chidikirire. Munthu amene masamu awa ali m'mutu mwake sanjenjemera akamva "mwadulitsa," chifukwa akudziwa pamene angasunthe ndi pamene palibe posunthira. Kudekha kwenikweni kumachokera m'kope lija.

Chinthu china chimene amisiri ambiri amalakwitsa ndi kusadziwerengera malipiro. Amaphatikiza matabwa, vanishi ndi mayendedwe, kenako chotsalacho amachitcha phindu. Si phindu limenelo, ndi malipiro a manja anu. Mukanalemba munthu wina kuti akupangireni chitsekocho mukanamulipira, ndiye inunso dzilembeni pamzere wanu.

Tsopano kasitomala wafika ndipo wanena mawu aja. Musayankhe msanga. Ikani pansi chida chimene chili m'manja, pukutani fumbi pabenchi, muwapatse pokhala. Munthu woima amakhala ali paulendo kale, pomwe munthu wokhala pansi amamva. Kenako vomerezani chimene chili choona m'mawu awo: "Zoona mayi, K210,000 ndi ndalama yambiri." Simunatsitse kanthu ponena zimenezi. Mwangowasonyeza kuti simukuwaona ngati munthu wosadziwa ndalama. Ndipo n'zoonadi kuti ndi yambiri, kwa anthu ambiri ndi malipiro a mwezi wathunthu kapena kuposerapo.

Mukatero funsani funso limodzi, ndipo mufunse mofunadi kudziwa: "Mukuyerekeza ndi chiti, mayi?" Mawu akuti "mwadulitsa" amabisa nkhani zosiyanasiyana, ndipo iliyonse ili ndi yankho lake. Wina waona chitseko chotchipa kwina. Wina akukumbukira mtengo umene anagulira chitseko zaka zitatu zapitazo. Wina akuuona mtengowo kuti ndi woyenera koma m'thumba mulibe yokwanira, ndipo akuchita manyazi kunena. Winanso akungonenerera poti kwathu kuno sitigula chinthu osanenerera, ngakhale tomato. Mukayamba kulalikira za ubwino wa mlombwa kwa munthu amene vuto lake ndi loti malipiro sanatuluke, mukutaya mawu, ndipo iye akumva ngati mukumunyoza.

Tiyambe ndi amene waona cha K120,000 pamsewu, chifukwa apa ndi pamene pali ntchito yaikulu. Musanyoze mmisiri mnzanuyo. Simunachione chitseko chake, ndipo kasitomala akamva mukunyoza mnzanu amangoti ndi nsanje ya pamalonda. Ine ndimati: "N'kutheka ndi chabwino pa ntchito yake. Tabwerani ndikuonetseni zimene zili m'chathuchi, kuti mukabwerera kumeneko mukayerekeze bwino." Malonda ndi m'maso, ndiye musafotokoze ndi pakamwa pokha chimene munthu angachigwire ndi dzanja.

Ndimasunga pawindo la shedi tizidutswa titatu ta matabwa, totalika ngati chikhatho: ka mlombwa, ka paini, ndi ka paini kopakidwa mtundu wofiirira kuti kaoneke ngati mlombwa. Ndimawapatsa kasitomala kachitatuko poyamba, n'kuwafunsa kuti ndi thabwa lanji. Ambiri amati mlombwa. Ndiye ndimawauza kuti akanikize ndi chikhadabo cha chala chachikulu m'mphepete. Chikhadabo chimalowa n'kusiya kamzera. Pa mlombwa weniweni chimangoterera. Kenako ndimatembenuza kachidutswako kuti aone mbali yodulidwa, pamene mtundu sunafike, poyera mbee. Sindinena chilichonse chokhudza chitseko cha pamsewu chija. Ndimangoti: "Mukakachionanso, mukayang'ane pamwamba kapena pansi pake, pamene sapakapo mtundu." Paini si thabwa loipa. Wa ku Chikangawa wamanga madenga ndi mipando m'dziko muno kwa zaka zambiri, ndipo pachitseko cha kuchipinda amakhala bwinobwino. Koma pachitseko chapanja, chimene mvula ya Januwale imachimenya ndi dzuwa la Okutobala n'kuchiwamba, safanana ndi mlombwa, ndipo mtengo wake suyenera kufanana.

Ngakhale chitseko chinacho chitakhala cha mlombwa weniweni, pali zinthu zitatu zimene zimasiyanitsa mtengo, ndipo zonse zimaoneka. Choyamba ndi kuuma kwa thabwa. Thabwa laliwisi limatchipa chifukwa wogulitsa sanalisunge miyezi likuuma. Limalemera kwambiri, limazizira ukaligwira, ndipo likauma lili kale m'chitseko limafota. Pakapita miyezi ingapo m'mbali mwa mapanelo mumaoneka mipata yolowa kuwala, mwinanso chitsekocho chimapindika n'kuyamba kukana kutsekeka. Chachiwiri ndi mbali yoyera ya thabwa, ya kufupi ndi khungwa. Pakati pa mlombwa, pofiirira paja, ndi pamene pamalimba, koma mbali yoyerayo imafumbwa, ndipo mumadzaona kaufa pansi pa chitseko. Ine ndimaidula n'kuitaya, ndiye m'thabwa limene ndagula lonse, gawo lina silifika pachitseko. Kasitomala ndimamuonetsa mulu wa zodulidwazo pakona ya shedi. Chachitatu ndi kalumikizidwe. Pachitseko changa matabwa oima ndi opingasa amalowetsana m'mabowo osemedwa ndi tchizulo, n'kumangidwa ndi guluu. Njira yachidule ndi kungowagundanitsa n'kukhomera misomali, kenako kubisa mitu yake ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Njira imeneyo imatha tsiku limodzi, yanga imatenga masiku atatu, ndipo kusiyana kwake kumadzaoneka chitseko chikayamba kugwa mphuno n'kumakhula simenti. Ndimawaonetsa m'mphepete mwa chitseko pamene thabwa lopingasa latulukira, kuti aone okha.

Musawauze zonsezi nthawi imodzi ngati mukuwerenga ulaliki. Sankhani ziwiri zimene zikukhudza nyumba yawo. Funsani kuti chitsekocho chikayang'ana kuti, ngati pali khonde lochiteteza ku mvula, ngati kumaloko kuli chiswe. Mayi akayankha kuti khomo lawo lilibe khonde ndipo mvula imawomba pomwepo, iwo eni afotokoza kale chifukwa chake akufunika thabwa louma ndi vanishi wopakidwa katatu, mbali zonse, mpaka pansi pake pamene anthu ambiri sapaka.

Kodi muwaonetse kope lija? Ine ndimaonetsa gawo lake. Ndimatchula zazikulu zitatu: matabwa K90,000, zipangizo zina ndi makina ndi mayendedwe K43,000, ntchito, shedi ndi phindu K77,000. Sindiwerenga msomali uliwonse, chifukwa mukaphwanya mtengo m'tizidutswa khumi mwapatsa munthu malo khumi oti atsutsane nanu. Adzayamba kufunsa ngati sandipepa amafikadi pamenepo, nkhani n'kuchoka pachitseko. Koma chimene mwatchulacho chikhale choona. Musakweze mtengo wa matabwa kuti mubise malipiro anu, chifukwa kasitomala akhoza kukafunsa kumsika mawa lomwe, ndipo akapeza bodza limodzi, zoona zonse zimene munanena zapita nalo. Malipiro anu atchuleni poyera, mutu uli chiimire: "Iyi ndi ntchito yanga ya masiku atatu." Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Amene akukumbukira mtengo wakale ndi wosavuta. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo zinthu zochokera kunja zinakwera motsatira. Aliyense anaziona yekha pa shuga ndi sopo. Chiganizo chimodzi chikukwana, makamaka mukatulutsa lisiti la vanishi la sabata yatha. Musatalikitse. Mukayamba kudandaula za mafuta, magetsi ndi fizi ya ana, mwasiya kufotokoza chitseko, mwayamba kupempha chifundo, ndipo kasitomala naye ali ndi mavuto omwewo amene angakuyalireni. Mpikisano wa madandaulo mmisiri sapambana.

Mukafotokoza, tchulaninso mtengo uja momveka, kenako khalani chete. Apa ndi pamene ambiri timalephera. Kasitomala akangokhala duu akuganiza, ife timaona ngati zinthu zaipa, n'kuthamangira kunena kuti "komabe titha kukambirana." Iye sanapemphe kanthu, mwadzitsitsira nokha. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Msiyeni aganize, achigwirenso chitsekocho, aimbire foni amuna ake kapena mkazi wake ngati akufuna. Inu tengani tsache musese utuchi.

Nthawi zambiri akadzayankhula amati: "Ndamva bambo, koma ine ndili ndi K150,000. Tsitsaniko." Apa ndi pamene lamulo langa limagwira ntchito: mtengo ukhoza kutsika, koma chinachake chichoke m'chitsekomo, ndipo kasitomala adziwe chimene chachokacho. Ndimayankha kuti: "Pa K150,000 chitseko ichi sichingatheke, mayi, ndikhoza kukunamizani. Koma tiyeni tione chimene chingatheke."

Ndiye timakhala pansi ndi pensulo. Ngati chitsekocho chinali cha mapanelo asanu ndi limodzi okhala ndi mikombero yokongoletsa, ndikhoza kupanga chosalala cha matabwa oima okhaokha. Tsiku limodzi la ntchito lachoka, K15,000. Ngati ali ndi wowapakira vanishi kunyumba, ndimachotsa vanishi ndi ntchito yopaka, K20,000, koma ndimawachenjeza kuti chipakidwe chisanaikidwe pafelemu ndipo asaiwale pamwamba ndi pansi. Tafika pa K175,000, ndipo phindu langa ndi malipiro a masiku amene ndigwiredi ntchito sizinakhudzidwe. Akafunabe K150,000, njira yotsala ndi kusintha thabwa. Ndimafunsanso kuti chitsekocho ndi cha pati. Ngati ndi cha kuchipinda, paini akukwana, ndipo mtengo ukhoza kutsika mpaka kupitirira pamene iwo amafuna. Ngati ndi chapanja chopanda khonde, ndimawauza mosabisa kuti sindikuwalangiza kutero.

Chimene sindichita ndi kuvomera K150,000 ndi pakamwa kenako n'kukabwezera mwakachetechete pa ntchito, kugula thabwa laliwisi kapena kuchepetsa kunenepa kwa chitseko osawauza. Amisiri ambiri amene amatsitsa mtengo mosavuta amatero, chifukwa masamu aja sanama, ndalamayo iyenera kuchoka penapake. Ndinachitapo zimenezi kamodzi ndikuyamba kumene ntchito. Ndinavomera mtengo wochepa kwa bambo wina, ndinagula matabwa osauma bwino kuti ndikwanitse, ndipo mvula itatha chitseko chinabwerera pashedi chili ndi mpata wolowa chala. Ndinachikonza ndi ndalama zanga, ndipo bamboyo sanabwerenso. Akanamva "ayi" tsiku loyamba lija mwina akanakhumudwa pang'ono, koma sakananditenga ngati munthu wachinyengo.

Kwa amene vuto ndi ndalama ya lero, yankho silikhala pa mtengo koma pa nthawi. Funsani mwaulemu, motsitsa mawu ngati pali anthu ena: "Kodi vuto ndi mtengowu, kapena kuipeza yonse nthawi imodzi?" Ambiri amapuma mpweya wautali akamva funso limeneli. Ndimapempha dipoziti yokwanira kugula zipangizo zonse, pachitsanzo chathu K133,000, kuti ndisaikemo ndalama yanga, ndipo yotsalayo amalize kumapeto kwa mwezi, kaya pamanja kaya pa Mpamba kapena Airtel Money. Chitseko chimachoka pashedi ndalama yonse ikakwana. Nenani zimenezi poyamba pomwe, mwaulemu koma momveka, chifukwa chitseko chikakhomedwa pafelemu ya munthu simungakachizule, ndipo mudzatha nsapato kulondola ngongole.

Nanga wongonenerera mwa chizolowezi uja? Iye amafuna achoke akumva kuti sanagonje. Mpatseni kanthu kamene kwa iye n'kamtengo koma inu sikakudyerani zambiri. Ndikhoza kukamuikira chitsekocho pafelemu kwaulere ngati akukhala pafupi, ntchito ya ola limodzi kapena awiri, pamene mmisiri wina akanamulipiritsa. Ndikhoza kumulonjeza kuti chikayamba kukhula nyengo ya mvula yoyamba ndidzabwera kudzachipala osalipira. Imeneyo ndi basera, ngati ya pamsika, ndipo mtengo wa chitseko wakhala pomwe unali. Izi n'zofunika chifukwa mitengo imayenda m'mudzi. Mayi amene wagula pa K150,000 akauza mnzake wa kumpingo, ndipo mnzakeyo akabwera adzayambira kunenerera pa K150,000, osati pa K210,000.

Alipo amisiri amene amakweza dala mtengo woyamba kuti apeze potsitsira. Ndikumvetsa chifukwa chake, koma pa ntchito ngati yathu ndimaona kuti zimapweteka. Munthu waulemu amene sanenerera amalipira zambiri kuposa wolimbalimba, ndipo tsiku limene awiriwo adzakumane n'kufunsana, amene mudzamutaye ndi waulemu uja, kasitomala wabwino koposa.

Achibale ndi anzanu a kumpingo ndiye amavuta mwapadera. "Achimwene, ngakhale ine mundilipiritse chonchi?" Ayankheni ndi masamu omwewo, koma mwachibale: "Achemwali, matabwa, vanishi, makina ndi mayendedwe si zanga, ndi za eni ake, K133,000. Pamenepo sindingathandize. Pa ntchito yangayi ndikuchotserani K15,000, ndipo imeneyo ndi mphatso yanga kwa inu." Itchuleni kuti ndi mphatso, ndipo tchulani kukula kwake. Mukangotsitsa osanena, iwo adzaganiza kuti umenewo ndiwo mtengo weniweni ndipo ena onse mumawabera.

Pali zizindikiro zosonyeza kuti kukambirana kwalowera kolakwika. Mukadzimva mukubwereza mfundo imodzi kachitatu, mawu anu akukwera, kapena mwayamba kunena kuti "inu simudziwa ntchito imeneyi," imani. Chimodzimodzi kasitomala akasiya kuyang'ana chitseko n'kumangoyang'ana kumsewu. Pamenepo mawu ena sathandizanso. Mlembereni mtengo papepala: mtundu wa thabwa, muyeso wa chitseko, kunenepa kwake, ngati vanishi, mahinjesi ndi loko zili momwemo kapena ayi, masiku amene ntchito itenge, dipoziti, ndi tsiku limene mtengowo uthere mphamvu. Ine ndimaika masabata awiri, chifukwa kupitirira apo sindingalonjeze kuti matabwa ndikawapeza pa mtengo womwewo. Pepala limeneli limathandizanso amene akukafunsa mwamuna kapena mkazi wake kunyumba, chifukwa popanda pepala chimene chimafika kunyumbako ndi nambala yokha, zifukwa zonse zatsala panjira.

Kenako aperekezeni mpaka pamsewu monga mumachitira ndi mlendo aliyense: "Pitani mukayerekeze, mayi, palibe vuto. Mukakayang'ane pansi pa chitsekocho, mukachinyamuleko kuti mumve kulemera kwake, mukafunsenso ngati vanishi ndi mahinjesi zili mumtengo womwewo." Ena sabwerera, chifukwa K120,000 ndi imene ali nayo ndipo nyumba ikufunika kutsekedwa sabata yomweyo. Musawasungire chakukhosi, ndipo mukakumana nawo kumsika apatseni moni. Ena amabwerera patapita masiku atatu pepala lija lili m'manja. Akabwerera musawakumbutse zimene munanena. Tsegulani kope, lembani dipoziti ndi tsiku, muwapatse lisiti, ndipo mupite kukayeza felemu yawo nokha musanadule thabwa ngakhale limodzi, chifukwa mafelemu ambiri omangidwa kale m'khoma sakhala owongoka.